Momwe Mungafewetsere Ziganizo Zolemera za Ndondomeko Yosunga Chinsinsi cha Makasitomala

Kuyambira mu 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga waumwini wa anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Izi zachititsa kuti mabizinesi ambiri amene amatenga maina ndi manambala a foni ayambe kulemba ndondomeko zofotokoza momwe amasungira uthengawo, koma zambiri mwa ndondomekozi zimatuluka m'chinenero chimene kasitomala sangachimve. Kuzifewetsa n'kotheka, malinga ngati chilichonse chimene chiganizo chakale chinalonjeza, kuloleza kapena kuletsa chikupezekabe m'chatsopano.

Titenge chiganizo ichi cha sitolo yogulitsa katundu pa intaneti: "Kampani ikhoza kupereka uthenga waumwini wa kasitomala, kuphatikizapo dzina, nambala ya foni ndi mbiri ya malipiro, kwa mabungwe amene imagwira nawo ntchito, pamlingo wokhawo wofunikira pokwaniritsa mgwirizano, pokhapokha ngati kasitomala wakana molemba, kukana komwe sikudzakhudza uthenga woperekedwa mokakamizidwa ndi lamulo."

Musanasinthe liwu lililonse, lembani papepala mayankho a mafunso awa: akuchita ndani, akuchita chiyani, akupereka kwa yani, malire ake ndi otani, ndipo ndi liti pamene zimenezi sizigwira ntchito. M'chiganizo chathu muli mfundo zisanu, zomwe ndi chilolezo chopereka uthenga, zitsanzo za uthengawo, malire akuti ukhale wofunikira wokhawo, ufulu wokana molemba, ndi lamulo limene limaposa kukanako. Pepalali ndilo muyezo wanu mpaka kumapeto. Mukatero, sinthani "kampani" kukhala "ife" ndi "kasitomala" kukhala "inu", ndipo mfundo iliyonse ipatseni chiganizo chake.

Pogawa chiganizo m'pamene tanthauzo limatayika kawirikawiri, ndipo ndi pomwe loya anandibwezera ntchito ina imene ndinakonzera bizinesi yaing'ono. Mawu akuti "pokhapokha ngati" amagwira mbali inayake ya chiganizo, ndiye mukachidula, mawuwo amatha kutsalira pambali yolakwika kapena kuima okha. Mukalemba kuti "Mukakana, sitipereka uthenga wanu kwa wina aliyense" n'kulekera pomwepo, mwalonjeza chinthu chimene kampani singasunge, chifukwa khoti likalamula iyenera kupereka uthengawo, kasitomala akane asakane. Chiganizocho ndi chosavuta kuwerenga, koma chikunama. Njira yodziwira vutoli ndi kufunsa za chiganizo chilichonse chachifupi kuti, munthu atawerenga ichi chokha, kodi wamva zoona? Ngati yankho ndi ayi, chiganizo chonena za lamulo chiyenera kutsatira pomwepo, osati ndime zitatu kutsogolo.

Mawu ena awiri amafuna kusamala komweko. "Ikhoza" ndi chilolezo chabe, pamene "tidzapereka" ndi lonjezo lakuti zichitika ndithu, choncho musasinthanitse. "Kuphatikizapo" akusonyeza kuti mndandandawo sunathe. Mukalemba kuti "timapereka dzina, nambala ya foni ndi mbiri ya malipiro" mwautseka, ndipo tsiku limene kampani idzapereka adiresi kwa wonyamula katundu idzakhala itaphwanya ndondomeko yake yomwe. Mawu akuti "monga" amausiya wotsegula. Komabe ine ndimaona kuti ndi bwino kufunsa mwini bizinesi kuti atchule zonse zimene amaperekadi, chifukwa kasitomala amapindula kwambiri ndi mndandanda wathunthu.

Chiganizo chathu chikhoza kutuluka motere: "Tikhoza kupereka uthenga wanu, monga dzina, nambala ya foni ndi mbiri ya malipiro, kwa mabungwe amene timagwira nawo ntchito. Timapereka wokhawo umene ukufunika kuti tikwaniritse zimene tinagwirizana nanu. Mukhoza kukana potilembera. Koma ngati lamulo likutikakamiza kupereka uthenga wanu, tidzaupereka ngakhale mutakana." Yerekezani ndi pepala lija, ndipo muona kuti mfundo zonse zisanu zilimo.

Chenjerani ndi anthu amene amagulitsa ndondomeko zolembalemba kale pamtengo wotsika. Zina mwa izo zimakoperedwa kumasamba a makampani akunja, zimatchula malamulo a ku Ulaya kapena ku Amereka, ndipo zimafotokoza zinthu zimene bizinesi yanu sichita, pamene za malipiro a pafoni mulibemo. Kufewetsa ndondomeko yotere n'kutaya nthawi, chifukwa zimene ikunena si zoona pa bizinesi yanu.

Zotsala ndi zachidule. Liwu limene lamasuliridwa kumayambiriro, monga "uthenga waumwini", lisasinthesinthe m'kati, ndipo nthawi iliyonse yotchulidwa, kaya masiku 30 kapena zaka 5, ikhale momwe inalili. Pemphani munthu amene sanaonepo chikalatacho kuti achiwerenge n'kukufotokozerani zimene wamva. Kenako tumizani kwa loya zolemba zakale ndi zatsopano mutaziika moyandikana, chifukwa zikakhala choncho amaziona msanga, ndipo ngati amalipiritsa potengera maola, ndalama zake zimachepa.