Wotchi ikunama kugunda kwa mtima mukamanyamula zitsulo? Ikonzeni chonchi

Mwangotsitsa chitsulo, mtima ukuchita kumveka m'makutu koma wotchi ikuti 88 ngati mwangokhala pampando. Sikuti yafa ayi. Itembenuzeni, kunsi kwake kuli timagetsi tobiriwira tophethira. Timawalitsa pakhungu, magazi amameza kuwalako, ndiye mtima ukapopa magazi amachuluka m'timitsempha ndipo kuwala kobwerera ku sensa kumachepa. Wotchi imawerenga kusintha kumeneko basi, mtima weniweniwo siyiumva.

Ndiye mukagwira chitsulo mwamphamvu minofu ya mkono imauma nkufinya timitsempha tija, magazi apakhungu sayendanso bwino, komanso dzanja likapindika limakankha wotchi nkuidzutsa pang'ono. Onjezani kuti seti imodzi mwina ndi masekondi 30 okha pomwe wotchi imachedwerapo kusintha nambala, mupeza 140 ikubwera inu mutakhala kale pansi mukupuma.

Yambani ndi malo. Isakhale pa kafupa kotuluka ka pamkono kaja, ikwezeni zala ziwiri kulowera kuchigongono komwe kuli mnofu. Kenako mangani lamba, onjezani bowo limodzi kuposa mmene mumavalira masana. Gwedezani mkono, ikaseleleka kapena mukaona kuwala kobiriwira kukutulukira m'mbali ndiye kuti yakhwepa, ndipo kuwala kwa panja kukulowanso. Wotchi yokhwepa imatha kuwerenga kugwedezeka kwa mkono ngati kugunda kwa mtima, nchifukwa chake pothamanga nambala imangokakamira pafupi ndi masitepe amene mukuponda pa mphindi imodzi. Koma musachite kumanga mpaka dzanja dzanzi, mukatero mwatsekanso magazi omwewo. Pukutaninso galasi la sensa ngati lamata thukuta louma kapena mafuta odzola.

Za kuzizira anthu amaziiwala. Kukazizira thupi limachepetsa magazi opita kukhungu kuti lisunge kutentha, sensa imasowa chowerenga, mwina ikupatsani nambala yotsika mwina timizere chabe. Tenthetsani thupi kaye mphindi 10, valani malaya a mikono yaitali ophimba wotchiyo, zala zikafunda muyambe.

Tsopano iyeseni. Mukangomaliza seti ikani zala ziwiri pakhosi pambali pa kholingo, osakanikiza kwambiri, werengani kwa masekondi 15 nkuchulukitsa kanayi. Mwapeza 34, ndiye kuti 136. Wotchi ikamati 130 palibe vuto, ikamati 90 yasochera, masulani dzanja mudikire masekondi angapo muone ngati ikwera.

Ikapitiriza kusochera pa zitsulo zokha musalimbane nayo, pamkono pamakhala povuta basi. Lamba wa pachifuwa woyezera kugunda kwa mtima ndiye yankho chifukwa amamva magetsi a mtima, kufinya dzanja sikumukhudza, ingonyowetsani ndi madzi mbali yogunda khungu musanavale kenako mulumikize ndi wotchi pa `Bluetooth` kapena `ANT+` ngati wotchi yanuyo imalola.