Momwe mungaletsere manambala achilendo ndi mauthenga a akamberembere kukuvutitsani pafoni

Foni zambiri zomwe tili nazo muno mu Mzuzu, kaya Tecno, itel, Infinix kapena Samsung, zimabwera ndi njira yake yotsekera manambala. Choncho musalole kuti mnyamata wokonza mafoni kumsika akulipiritseni ndalama ati akuikireni pulogalamu yapadera. Mapulogalamu ambiri otere amadya bandulo, amadzaza foni ndi zotsatsa malonda, ndipo amapempha kuona manambala onse amene munasunga.

Yambani ndi nambala imene yakuvutitsani kale. Tsegulani Phone, pezani nambalayo pamndandanda wa amene anaimba, idinikizeni kwa kanthawi, kenako sankhani Block. Pa Samsung dinani nambalayo, lowani pa kachizindikiro ka i, ndipo Block mumupeza m'munsi.

Mukalowa mu Settings ya Phone, pa Blocked numbers, muona kabatani kolembedwa Unknown. Kayatseni, koma dziwani ntchito yake. Kabatani aka kamatseka okhawo amene abisa nambala yawo, aja amaoneka kuti Private number. Munthu amene akuimba ndi 099 kapena 088 yoonekera bwinobwino, ngakhale simunamusunge, foni ilirabe. Anthu ambiri amagwa mphwayi pamenepa n'kumati zinthuzi sizigwira ntchito.

Chimene chimatontholetsa manambala onse osasungidwa pa Android ndi Do Not Disturb. Ili mu Settings yaikulu ya foni, nthawi zambiri pansi pa Sound, ndipo pa Samsung ili pa Notifications. Mukalowa, pezani Calls n'kusankha Contacts kapena Contacts only. Ikayaka, foni izilira pokhapokha woimbayo ali m'manambala anu. Enawo sanatsekedwe ayi, kuimba kwawo kumafika mwakachetechete ndipo mudzawaona pamndandanda.

Pamenepa ndi pofunika kudekha, chifukwa ine zinandivutira pomwepa. Achemwali anga ananditumizira thumba la mpunga kuchokera ku Karonga pa minibasi, n'kumupatsa kondakitala nambala yanga. Minibasi itafika m'depoti, kondakitala anaimba mobwerezabwereza, foni ili duu m'thumba, ine ndili ku Luwinga osadziwa kanthu. Pomwe ndimadzaona, galimoto inali itabwerera, ndipo mpunga ndinaulandira mawa lake nditalipira wousunga.

Pali kabatani kamene kamateteza zimenezi, dzina lake Repeat callers, pamalo omwewo pamene munasankha Contacts. Kakayaka, nambala yachilendo ikaimba kachiwiri pasanathe mphindi 15, foni imalira. Munthu amene akukufunanidi, kaya kondakitala, wakabaza amene wasochera ku Mchengautuwa, kapena wachibale amene wabwereka foni kuchipatala, sangaimbe kamodzi n'kusiya. Wakuba amene akungoyesa manambala nthawi zambiri amapita kwa wina. Mukatchera, yesani pomwepo: pemphani mnzanu amene mulibe nambala yake akuimbireni kawiri motsatizana. Koyamba kakhale chete, kachiwiri ilire. Ikapanda kulira kachiwiriko, ndiye kuti kabataniko sikanayake. Onaninso kuti Alarms ndi yololedwa, ndiponso pa Messages sankhani Contacts, apo ayi mameseji a abale anu azilowanso mwakachetechete.

Ine maganizo anga ndi akuti ngati mumachita bizinesi ndipo makasitomala amakuimbirani ndi manambala atsopano, musayatse Do Not Disturb usana. Itchereni pa Schedules kuti iziyaka yokha usiku basi.

Tsopano mameseji, aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" kapena oti mwawina mphoto pampikisano umene simunalowe. Musayankhe, ngakhale kuwazazira, chifukwa mukayankha amadziwa kuti nambala yanu ili ndi mwini wake. Mu Messages dinikizani uthengawo, sankhani Block, n'kuchonganso Report spam. Mu Settings ya Messages yatsani Spam protection. Koma onetsetsani chimene mukutseka. Uthenga weniweni wa Airtel Money, Mpamba kapena banki umabwera ndi dzina pamwamba, pomwe wabodza nthawi zambiri umachokera ku nambala wamba ya munthu ngakhale mawu ake afanane ndi enieniwo. Tsekani wa nambala wambayo basi. Ndipo ngati mukudikira uthenga wa mayunitsi a magetsi koma sukufika, suzumirani mu Spam & blocked musanagule ena.

A iPhone zawo n'zachidule: mu Settings pezani Phone, yatsani Silence Unknown Callers, kapena pa zatsopano sankhani Silence pa Screen Unknown Callers, kenako pa Messages yatsani Filter Unknown Senders kapena Screen Unknown Senders. Pa WhatsApp ndi Settings, Privacy, Calls, Silence unknown callers, ndipo izi n'zosiyana ndi zonse zija, muyenera kuyatsa paokha. Akuba amasintha manambala kawirikawiri, ndiye yatsopano ikatulukira, itsekeni momwe munatsekera yoyamba ija.