Musanalipire malo osungira webusaiti, funsani izi

Ngati muli mu Lilongwe muno ndipo mukufuna kampani yokusungirani webusaiti, musathamangire mtengo wa madola. Kumbukirani Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti: dola inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Amene ankalipira madola 10 pamwezi anadzuka akulipira K17,000 m'malo mwa K11,800, katundu yemweyo. Choncho kampani ya kuno ikakuuzani mtengo wa makwacha, ifunseni ngati mtengowo ukhala chaka chonse kapena umatsata dola. Yankho likhale lolembedwa.

Makampani akunja ambiri amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard, ndipo banki ikakana kutulutsa ndalama zakunja, webusaiti imazimitsidwa. Ine zinandichitikira, ndinataya makasitomala. Opanda khadi, sankhani wa kuno wolandira Airtel Money, Mpamba kapena kutumiza kubanki, koma dzina la webusaitiyo alilembetse m'dzina lanu, osati lake.

Funsaninso kumene makina a kampaniyo osungira webusaiti ali. Ambiri amangobwereka kunja. Ku Joni kuli pafupi kuposa ku Ulaya, ndipo mungadziyesere nokha ndi `ping`, lamulo la pakompyuta loyesa nthawi imene makinawo amatenga kuti ayankhe: nambala ya `ms`, yosonyeza nthawiyo, ikachepa, webusaiti imayankha msanga.