Mmene ndinapezera katundu amene nambala yake yolondolera inkalemba "Not found"

Mchemwali wanga atanditumizira phukusi la nsapato kuchokera ku Joni kudzera pa positi, nambala yolondolera katunduyo inkangobweretsa mawu akuti "Not found". Pa tsiku loyamba sindinadandaule, chifukwa nambala imayamba kuoneka pokhapokha phukusi likajambulidwa ndi makina a ku positi, ndipo zimenezi zimatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri.

Atakwana masiku anayi, ndinapempha chithunzi cha lisiti. Nambala ya katundu wa pa positi wopita kunja imakhala ndi zilembo ziwiri, manambala 9, kenaka zilembo ziwiri za dziko lochokera, monga ZA zoimira South Africa. Yanga inali ndi manambala 8 okha, popeza pokopera uthenga wa pafoni ndinalemba chilembo O pamalo pa 0. Nditakonza, zonse zinaoneka.

Pambuyo pake phukusilo linkaoneka ngati silikusuntha kwa masiku 12 litatuluka mu South Africa. Zimenezi n'zachizolowezi, pakuti katundu sajambulidwa ali paulendo kapena akudikira kuunikidwa ndi a msonkho. Akanadutsa masabata atatu, ndikanauza mchemwaliyo kuti akadandaule kumene anatumizira, chifukwa lisiti ali nalo ndi iyeyo.