Kuwerenga mawu osaoneka bwino pakalata yakale

"Ndili ndi chithunzi cha kalata ya agogo, koma mawu ena sakuwerengeka. Ndipange bwanji?"

Zofunika: chithunzicho pasikirini yaikulu, pepala, pensulo, ndi zolemba zina za agogowo ngati zilipo.

1. Ngati kalatayo ilipo, ijambuleninso masana, popanda fulashi. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimafika chitachepetsedwa, choncho pemphani kuti akutumizireni ngati fayilo.

2. Koperani mawu owerengeka okha, mzere ndi mzere. Pamene pakuvuta siyani mpata.

3. Kuchokera m'mawu amene simukuwakayikira, onani mmene agogowo ankalembera chilembo chilichonse. Samalani ndi n, m, u, komanso a ndi o. Mwachitsanzo, "mvula" ndi "mbula" amasiyana chilembo chimodzi chokha. Fufuzani b wina m'kalatamo, muone ngati mutu wake umakwera pamwamba pa zilembo zinzake. Ngati chilembo chokayikitsacho ndi chachifupi, mwina ndi v.

4. Kenaka werengani chiganizo chonse mokweza, mumve ngati liwulo likugwirizana ndi nkhani.

5. Ambiri amalakwitsa apa: akaganizira liwu, maso amayamba kuliona ngakhale palibe. Onetsani munthu wina musanamuuze ganizo lanu.

6. Liwu longoganizira liikeni m'mabulaketi ndi chizindikiro cha funso, chonchi: [mvula?]. Liwu wamba lingatheke kulikhulupirira zilembo ndi tanthauzo zikagwirizana. Maina, zaka ndi manambala ayi, poti chiganizo sichingakuuzeni ngati ndi 1951 kapena 1957. Zimenezo zitsimikizeni ndi chikalata china.