Landiriranitu chenji minibasi isananyamuke

Dzulo pa Wenela makondakitala awiri amanyogodolana.

"Aise, dalaivala wako pa Ginnery Corner amaponda buleki ngati akupha njoka!"

"Iwe khala chete, yako ija yopita ku Limbe mumachita kukankha. Ndiye wakwezeranji mtengo?"

"Mvula, mbale wanga. Nanga chenji cha amayi aja unabweza?"

"Anatsikira pa Chichiri osakumbutsa."

Anthu anaseka, koma ine mawu omalizawo anandikhudza. Mukakwera, funsani mtengo phazi lisanalowe, chifukwa madzulo ndi nthawi ya mvula umasintha. Ngati mwapereka K5,000, nenani mokweza kuti, "Akondakitala, ndapereka faifi sauzande," anzanu apampando amve. Chenjicho chikumbutseni mukadali kutali ndi siteji yanu, poti mukangotsika chitseko chimatsekedwa galimoto ili kale paulendo.