Kukonza wotchi paulendo wa ku India

"Ndikuchoka ku Nchalo kupita ku India kuchipatala. Wotchi yanga yamivi ndiikonza bwanji?"

Bambo, India ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka. Thekalo musaliiwale, lingakuphonyetseni dokotala.

Mukatera, kokani kachitsulo kam'mbali mpaka kumapeto, muzungulitse mivi chamtsogolo. Ikamati 20:00 ya kwathu, kumeneko ndi 23:30. Mukawoloka pakati pa usiku tsiku lisintha lokha, koma likasintha masana, dziwani kuti wotchi yasokoneza usana ndi usiku. Ipititseni maola ena 12.

Pokonza tsiku lokha, kokani kachitsuloko pang'ono chabe, koma osati pakati pa 21:00 ndi 03:00, mungathyole timano ta mkati. Mukamaliza kakankhireni mkati, thukuta lingalowe.

Ngati wotchi ndi yamanambala yokhala ndi mndandanda wa mizinda, sankhani `DEL`, kutanthauza mzinda wa Delhi ku India, muzimitse `DST`, yomwe imapititsa nthawi patsogolo ndi ola limodzi.